Ubongo wa Azakhali ndi Liwu Loti "Chabe"

Munthu wogwidwa ndi Mzimu sakhazikika. Amanjenjemera, amagwada, amakweza manja, nthawi zina amagwa pansi. Koma makina ojambula ubongo amafuna munthu wogona chagada, mutu osagwedeza ngakhale pang'ono. Aliyense wofuna kudziwa zomwe zimachitika m'mutu mwa munthu wopemphera amayamba wakumana ndi vuto limeneli: pemphero ndi makina sizikhala m'chipinda chimodzi mwamtendere.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa cha kumene ndinakulira. Ndinabadwira pakomboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Banket, ku Mashonaland West. Agogo anga anachokera ku Ntcheu, monga anthu ambiri a ku Nyasaland amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a azungu osabwereranso kwawo. Pakomboni pathu panali a CCAP, Asilamu, a gule amene Ashona amawatchula kuti zvigure, ndiponso mapositori ovala zoyera amene amapemphera kutchire, kumalo otchedwa masowe. Azakhali anga, amene anandilera, ndi a kumasowe. Nyimbo ikafika penipeni, mawu awo amasintha, amayankhula zimene ife sitimva, ndipo wina amaima pambali kumasulira. Womasulira woyamba amene ndinamuona m'moyo mwanga anali ameneyo. Lero ndimadya za ntchito yomasulira mabuku, ndipo anzanga ophunzira akamva za azakhali amati: "Zimenezo ndi ubongo chabe."

Tiyeni tione kaye mmene asayansi anathetsera vuto la munthu wosakhazikika lija. M'chaka cha 2006, Andrew Newberg ndi anzake a ku yunivesite ya Pennsylvania ku America anatulutsa kafukufuku wa amayi 5 achikhristu oyankhula malilime. Anagwiritsa ntchito makina otchedwa SPECT. Njira yake ndi iyi. Mayi amamuika kapaipi kakang'ono mumtsempha wa pamkono asanayambe kupemphera. Akayamba, amamusiya kwa mphindi zingapo mpaka atalowa kwenikweni m'pempheromo. Kenaka amathira m'kapaipi muja mankhwala otulutsa cheza chochepa chimene makina amatha kuchiona. Mankhwalawo amayenda ndi magazi, nalowa mu ubongo m'mphindi zochepa chabe, ndipo amakakamira pomwe afikapo. Mbali imene ikugwira ntchito kwambiri imakoka magazi ambiri, choncho imasunganso mankhwala ambiri. Mayiyo akamaliza kupemphera amatha kukagona m'makina modekha, koma chithunzi chotuluka chimakhala cha nthawi ija ankayankhula malilime. Zili ngati mapazi a munthu otsala m'matope: mwini wake wapita kale, koma mukuona pomwe anaponda mwamphamvu.

Chithunzi chimodzi sichinena kanthu pachokha, chimafunika chinzake chofananizira. Ndiye mayi aliyense anamujambula kawiri: koyamba ataimba nyimbo za uzimu m'Chingerezi, kachiwiri atayankhula malilime. Anasankha kuimba chifukwa nakonso kumagwiritsa ntchito pakamwa, mpweya, thupi ndi mtima wachipembedzo. Mukachotsa zofanana zonsezo, chotsalacho ndicho cha malilime okha.

Chachikulu chimene anapeza n'chakuti pa nthawi ya malilime magazi anachepa m'mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi. Mbali imeneyi ndi imene imathandiza munthu kukonza zoti achite, kusankha mawu ndi kudziletsa. Zaka zingapo m'mbuyomo, Newberg yemweyo anajambula Abuda osinkhasinkha ndi masisitere a Chifransisko opemphera mwachete, ndipo mwa iwo mbali yomweyi inagwira ntchito kwambiri, chifukwa pemphero lawo ndi loika maganizo onse pa chinthu chimodzi. Apa tikuphunzira kuti palibe kachipinda kamodzi ka Mulungu m'mutu. Mapemphero osiyana amayendetsa ubongo mosiyana.

Kafukufukuyu ali ndi malire amene olemba akewo sanabise. Anthu 5 ndi ochepa kwambiri, moti mmodzi yekha akakhala wosiyana ndi anzake zotsatira zonse zimapendekeka. Makinawo amayeza magazi, sayeza maganizo. Ndipo chipinda cha kuchipatala, kapaipi kali pamkono, si masowe kumene anthu ambirimbiri akuimba pansi pa mtengo, dzuwa likuswa mtengo.

Pali chitsanzo china choonetsa mmene kafukufuku wotere amasocherera. Michael Persinger wa ku yunivesite ya Laurentian ku Canada anapanga chisoti chokhala ndi maginito ofooka, nanena kuti ambiri mwa ochivala amamva ngati m'chipindamo muli winawake wosaoneka. Nkhani inamveka dziko lonse kuti Mulungu angayatsidwe ngati getsi. Koma mu 2005, Pehr Granqvist ndi anzake a ku Uppsala ku Sweden anabwereza zimenezi mwa njira ina. Wovala chisoti sankadziwa ngati maginito ayatsidwa, ndipo wofunsa mafunso nayenso sankadziwa. Anapeza kuti maginito sanasinthe kanthu. Amene anamva zachilendo anali anthu amene mwachibadwa amatengeka msanga ndi zomwe auzidwa kuyembekezera. Persinger anatsutsa, ati a ku Sweden sanatsate njira yake bwino. Komabe funso lofunsa pa kafukufuku aliyense wotere linaoneka poyera: kodi woyesedwa ndi woyesa ankadziwa zomwe zikuyembekezeka?

Tsiku lina ndinawafotokozera azakhali za amayi 5 aja, tikusenda mtedza. Ndinati, "Azakhali, akuti mukamayankhula zija, mbali ya ubongo wanu yosankha mawu imakhala ngati yapuma." Sanadabwe. Anati, "Nanga ine ndimakuuza chiyani masiku onsewa, mwanawe? Sindimati si ine ndimayankhula? Azungu akowo awononga ndalama kuti aone zimene ndikanawauza ulere."

Limeneli ndi yankho loyamba la okhulupirira, ndipo si lopusa. Chithunzi chomwecho chimene wina akuti chikutsutsa Mzimu, iwo akuti chikugwirizana ndi umboni wawo. Wosakhulupirira amati ubongo wamasula chingwe, mawu akungotuluka okha. Wokhulupirira amati ubongo wamasula chingwe kuti wina achigwire. Makina aonetsa kumasula chingweko, koma sanaonetse ngati pali wochigwira kapena ayi.

Yankho lachiwiri ndimalimvetsa ndikakumbukira chitsulo cha pafamu. Pamtengo wina panapachikidwa chitsulo chakale cha pulawo, chimene kapitao ankachimenya m'mamawa kuitana anthu kuntchito. Mukanajambula ubongo wa bambo anga nthawi imeneyo, mukanaona mbali yomvera ikugwira ntchito. Palibe akananena kuti chitsulocho ndi ubongo chabe. Chilichonse chimene munthu amamva, choona kapena chonama, chimadutsa mu ubongo, popeza kulibe khomo lina. Koma fanizoli limaluma mbali zonse. Madotolo anaonetsa kuti odwala amene amamva mawu kulibe woyankhula, mbali yawo yomvera nayonso imagwira ntchito. Ndiye chithunzi cha m'mutu sichingakuuzeni ngati kapitao wamenyadi chitsulo. Kuti mudziwe muyenera kutuluka panja, kuona mtengo, kufunsa anansi ngati nawonso amva. Pa nkhani ya Mzimu, kutuluka panjako ndiye kumene sayansi ilibe chipangizo chake.

N'chifukwa chake liwu loti "chabe" limandivuta monga womasulira. Ntchito yanga imandiletsa kuika m'chiganizo mawu amene mwini wake sananene. Makina anati, "Magazi achepa kuseri kwa chipumi." Amene akumasulira kuti "ndi ubongo chabe" waonjezera liwu lake. Amene akumasulira kuti "sayansi yatsimikiza Mzimu" nayenso waonjezera lake.

Yankho lachitatu ndi lakale. Mu 1932 mnyamata wina wa ku Gandanzara, Shoniwa Masedza, anadwala kwambiri mutu ali kudera la Norton. Ananena kuti anafa n'kuuka, ndi kuti anamva mawu omupatsa dzina la Johane. Ndiye Johane Masowe, chiyambi cha mipingo imene azakhali amapempherako. Dotolo angathe kuloza matenda ajawo n'kunena kuti nkhani yathera pomwepo. Koma William James, amene anaphunzira za udotolo ku Harvard, anali atakana kale maganizo otere mu 1902. Iye anati ganizo lililonse, ngakhale la wosakhulupirira, limachokera m'thupi lomwe lili ndi matenda ake ndi njala yake, choncho chiyambi cha ganizo sichigamula ngati ndi loona. Anati tiziyang'ana zipatso zake pa moyo wa munthu. Okhulupirira a pakomboni amanena zomwezo osamudziwa James. M'zaka za m'ma 2000, mafamu atalandidwa, ntchito ndi nyumba zitatha, anthu ngati ife opanda mudzi wobwererako, azakhali amaloza amene anawaika maliro ndi amene anawadyetsa. Zipatso zimaonetsa kuti chikhulupiriro chimasunga anthu. Siziyankha funso lakuti woyankhulayo ndani, ndipo azakhali sanayesepo kundinamiza kuti zimayankha.

Pali malo amodzi pomwe mawu oti "ndi ubongo" ayenera kupambana, ndipo apa moyo wa munthu umakhala pachiswe. Msuweni wanga ali ndi zaka 14 anayamba kuima chilili pakati pa ntchito, maso ali gwa, akutafuna opanda chakudya, zala zikutolatola pa malaya. Asanayambe ankamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba ndi mantha opanda chifukwa. Ena anati akuitanidwa kukhala mneneri, ena anati ndi ziwanda. Makolo ake anayenda naye kwa opempherera osiyanasiyana zaka ziwiri, mpaka anapsa mkono atagwera pamoto.

Zizindikiro zinalipo. Zinkatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Zinkachitika mofanana ndendende nthawi zonse. Sizinkadikira nyimbo kapena tsiku la mapemphero, zinkabwera kumunda, kuchitsime, pophika. Zikatha ankasokonezeka, kugona, osakumbukira kanthu. Umenewu ndi mtundu wa khunyu woyambira m'mbali ya ubongo ya pafupi ndi khutu, ndipo si khunyu lonse limagwetsa munthu n'kumuphuphitsa. Ambiri odwala khunyu amasiya kugwa akamamwa mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa. Msuweni wanga ndi mmodzi wa iwo.

Amene anaumiriza makolo ake kupita naye kuchipatala anali azakhali. Anati kwa mlongo wawo, "Achimwene, Mzimu subwera ngati wakuba. Ine ndimauyembekezera, ndimauimbira, ndipo ukachoka ndimakhala ndi mtendere. Mwanayu akachoka kumeneko amabwera ali wotopa ndi wamantha. Awa ndi matenda." Anthu amene amagwidwa ndi Mzimu samati chilichonse chogwedeza thupi n'chochokera kumwamba. Ali ndi miyeso yawo: nthawi, malo, zotsatira. Pa mwana ameneyu miyeso yawo ndi ya dotolo zinaloza kumodzi.

Azakhali akali kupita kumasowe, ndipo msuweni wanga, amene tsopano ali ndi ana ake, amapita nawo, mapiritsi ali m'thumba la chovala chake choyera.