Mtengo wa katoni ya matailosi ikafika ku Limbe

Ntchito yanga ndi yolowetsa katundu m'kompyuta ndi kuika mitengo m'sitolo yogulitsa zomangira nyumba ku Limbe. Kontena ikatsitsidwa, abwana amafuna mitengo tsiku lomwelo, koma invoisi ya wogulitsa wa ku China payokha sikwanira. Ndimasonkhanitsa kaye mapepala a sitima, a galimoto yochokera ku Beira, Form 12 ya MRA, lisiti ya ejenti wotulutsa katundu pachipata cha Mwanza ndi kalata ya kubanki yosonyeza mtengo umene tagulira dola. Chimene ndikufuna pa mulu wonsewo ndi nambala imodzi: ndalama zonse zimene katoni imodzi yadya kufikira itakhala pashelefu. Ife timautcha mtengo wofikira.

Nditenge chitsanzo cha kontena yosakaniza, manambala ndawafewetsa kuti masamu aoneke. Muli makatoni 950 a matailosi, iliyonse yolemera makilogalamu 20 ndipo yogulidwa madola 4. Mulinso mipope ya pasinki 1,000, uliwonse kilogalamu imodzi, pa madola 3.80. Pa invoisi mitundu iwiriyi ndi yofanana, madola 3,800 uku, madola 3,800 uko. Sitima ndi galimoto pamodzi zadya madola 6,000.

Funso ndi lakuti madola 6,000 amenewa asenze ndani. Mu Odoo, imene timagwiritsa ntchito, pamalo a `Landed Costs` pali njira zogawira, monga `By Current Cost`, `By Weight` ndi `By Volume`. Munthu wofulumira amasankha yoyambayo poti sifuna kuti ulembe kulemera kwa chinthu chilichonse. Ikatero kompyuta imang'amba pakati: madola 3,000 ku matailosi, 3,000 ku mipope. Katoni ya matailosi imafika pa madola 7.16, mpope pa 6.80. Masamu ake ndi olondola, koma zimene akunena ndi bodza. Mwini galimoto sanatilipiritse chifukwa cha mipope. Chadzaza kontena ndi kulemetsa matayala ndi matailosi, makilogalamu 19,000 mwa 20,000. Tikagawa potsata kulemera, matailosi amatenga madola 5,700, kutanthauza madola 6 pa katoni, ndipo mipope imatsala ndi 300, masenti 30 pa mpope. Katoni tsopano ili pa madola 10, mpope pa 4.10.

Sitolo imene yagawa molakwika imadziwika ngakhale usanatsegule mabuku. Matailosi amatha m'masabata ochepa, amisiri akuuzana kuti kwatchipa, pamene mipope ikuchita fumbi chifukwa anzathu a tsidya la msewu akuigulitsa motsika. Lipoti limaonetsa phindu pa katoni iliyonse, chonsecho katundu amene wasenzetsedwa mtolo wa mnzake ndi amene sakugulidwayo. Kulemera sikuyankha paliponse ayi. Katundu wopepuka koma wodya malo, monga mathanki a pulasitiki, ndimamugawira potsata malo amene watenga, ndipo inshuwalansi ndi zolipira kubanki ndimazigawa potsata mtengo, popeza zimawerengedwa choncho kumene.

Dyute sindiigawa n'komwe. Pa Form 12 mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mzere wake, nambala yake ya msonkho ndi ndalama yake, ndiye ndimangokopera ndalama ya mzerewo ku katundu wake. A MRA sawerengera pa invoisi yokha, amaphatikizapo zonyamulira ndi inshuwalansi, choncho sitima ikakwera mtengo dyute nayo imakwera. Tiyerekeze kuti dola ili pa K1,750 ndipo matailosi alipira 25 peresenti pa madola 10 aja. Katoni ndi K17,500, dyute K4,375, pamodzi K21,875. Ejenti, banki ndi anyamata otsitsa katundu, gawo la matailosi likhale K950,000, ndiye K1,000 pa katoni. Tafika pa K22,875.

Msonkho wa VAT wolipira pachipata ndimausiya kunja. Sitolo yathu inalembetsa ku MRA, ndipo VAT imeneyo timaichotsera pa imene tatolera kwa ogula. Kuiika mu mtengo wofikira n'kudzaonjezeranso VAT pogulitsa ndi kulipiritsa wogula kawiri. Wamalonda amene sanalembetse ndiye ayenera kuiwerengera, poti iye sadzaibweza.

Msewu wa ku Beira susiya matailosi onse amoyo. Tikapeza kuti makatoni 35 aphwanyika, ndalama zonse, K21,731,250, zigawidwe kwa makatoni 915 amene angagulitsidwe. Mtengo wofikira ndi K23,750, pa katoni imene invoisi ikuti K7,000. Abwana akafuna kuonjezerapo 20 peresenti, tipeza K28,500, ndipo ndi VAT ya 16.5 peresenti, monga zinalili mu 2024, pashelefu ndilemba K33,200.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi dola. Kontena imodzi imakhala ndi mitengo ya dola ingapo: umene banki inatigulitsira polipira theka loyamba, umene inatigulitsira pomaliza ngongole, mwina patapita miyezi poti ndalama zakunja zimachita kudikirira pamzere, ndi umene a MRA anagwiritsa ntchito powerengera dyute. Mu mtengo wofikira ndimalemba makwacha enieni amene anatuluka mu akaunti pa malipiro aliwonse, osati mtengo wa dola wa tsiku limene ndikulemba. Ngati wogulitsa sanalipidwe, nambala yanga ndi yongoyembekezera ndipo ndimaiika chizindikiro.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tengani katoni ya madola 10 ija, dyute tisaiwerengere. M'kompyuta inalembedwa K11,800. Amene anaonjezerapo 30 peresenti ankagulitsa K15,340 ndipo lipoti lake linkamuyamikira phindu la K3,540. Koma kuti abweretse katoni ina yonga yomweyo ankafunika K17,000. Katoni iliyonse yotuluka pakhomo inkachepetsa sitolo, mabuku akumwetulira. Amene anatenga katundu pa ngongole ya madola ndiye zinamuvuta kuposa, popeza ngakhale katoni yogulitsidwa kale inayenera kulipidwa dola lili pa K1,700.

N'chifukwa chake ndimasunga manambala awiri. Mtengo wofikira umakhala wa m'mabuku, wosonyeza zimene zinachitikadi, ndipo sindiusintha chifukwa cha mphekesera. Koma mtengo wogulitsira ndimauyeza ndi funso lina: kontena yotsatira idzafika pa zingati? Izi n'zofunika kwambiri sisitimu ikamawerengera mwa `Average Cost`, chifukwa imasakaniza katundu wakale wotchipa ndi watsopano wodula. Makatoni 500 a K17,000 akakumana ndi 500 a K23,750, kompyuta imati K20,375, mtengo umene sungagulire katoni kulikonse lero. Ena amati kukweza katundu wakale ndi umbava. Ine ndimati wogula ali ndi ufulu wodandaula, koma sitolo imene yagulitsa pa dola ya chaka chatha sidzakhalapo kuti imugulitse simenti chaka chamawa.

Pali mapepala ena amene amabwera mochedwa, makamaka chindapusa chosunga kontena kupyola masiku ololedwa, ndipo amafika theka la matailosi litapita kale. Choncho tsiku lotsitsa ndimalowetsa ndalama yongoyerekeza potengera makontena am'mbuyo, pamzere wakewake, ndipo invoisi yeniyeni ikafika ndimakonza kusiyanako. Gawo logwera makatoni ogulitsidwa kale limapita molunjika ku ndalama zowonongedwa pa malonda a mwezi umenewo. Lotsalalo ndi limene limakweza makatoni amene akadali m'nyumba yosungira katundu, ndipo likapyola K500 pa katoni ndimapita kwa abwana kuti tisinthe mtengo wa pashelefu.