Chikhomo cha Ndondomeko ya Maliro

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikutayipa ndi kusindikiza mapologalamu a maukwati ndi maliro m'kanyumba kanga ka pa msika, sindinalandirepo pepala lofika m'manja mwanga lili lolongosoka kale. Pakuti munthu amene mtima wake wasweka salemba monga mlembi, koma amataya mawu pa pepala monga momwe akumbukira, china pamwamba, china m'mphepete, china kuseri.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale anandipeza bambo wina, mwini mbumba, atanyamula pepala lothothola m'kope, ndipo mawu ake anali otere: kuona nkhope, amfumu alankhule, kenaka mapemphero, nkhata, a kuntchito nawonso, mbiri ya malemu, chakudya, ndiye kumanda. Munalibe nthawi ngakhale imodzi. Wophunzira ntchito akanangoika manambala kutsata mmene mawuwo anagonera, osadziwa kuti "kenaka" wa munthu wolira satanthauza kutsatana kwa zinthu, koma kuti wakumbukira chinanso.

Ine sindiyamba ndi m'mawa ayi. Ndiyamba ndafunafuna chikhomo, ndiyo nthawi imodzi yosasunthika imene zina zonse zimangidwapo, ndipo kuchokera pamenepo ndiwerenga chobwerera m'mbuyo. Popeza safunsa anadya phula, ndinati, "Pepani bambo, kodi abusa anena kuti bokosi litsike nthawi yanji?" Iwo anayankha kuti 2:30 masana, poopa mvula ya kumadzulo, ndiponso kuti achibale ochokera kutali apeze galimoto dzuwa lisanalowe. Ndinafunsanso kutalika kwa manda, ndipo atati ndi ngati kilomita imodzi, ndinaika mphindi 30, chifukwa khamu loyenda ndi bokosi, likuimba ndi kulandizana, siliyenda ngati munthu wopita kumunda. Motero kunyamuka pa siwa kunagwa pa 2:00, ndipo mwambo wa mpingo, umene abusa anaupatsa ola lathunthu, unayenera kuyamba 1:00.

Pa zolankhula ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Olankhula anali asanu: wowerenga mbiri ya malemu, woimira banja, wa kuntchito, nyakwawa, ndi agulupu, ndipo ngakhale aliyense amalonjeza mphindi 5, ine ndimuwerengera 8, pakuti asanafike pa mawu ake ayenera kuyamba wadzuka, wayenda, napereka ulemu kwa mafumu ndi kwa atumiki a Mulungu mmodzimmodzi. Zimenezo ndi mphindi 40. Amfumu, amene pa pepala lija anali koyambirira, ndinawatsitsira kumapeto, wamng'ono patsogolo, wamkulu pambuyo, chifukwa mwini mudzi akalankhula sipayeneranso kuimirira munthu wamba, koma mwambo uperekedwa m'manja mwa mpingo.

Chinthu chimodzi sichinalembedwe konse, ndicho kulengeza chipepeso. Ichi ndinachiphunzira ndi manyazi ndili mnyamata, pamene ndinachisiya kunja kwa pologalamu ina, ndipo wolengeza anadya theka la ola la abusa, kufikira ulaliki unadulidwa pakati, nkhata n'kuyalidwa mvula ili pamutu. Kuyambira pamenepo ndimafunsa ndithu ngati adzawerenga dzina ndi dzina kapena adzangotchula magulu. Bambo aja anati magulu, ndipo ndinapatula mphindi 20, kotero kuti zolankhula zinayenera kuyamba 12:00.

Kuona nkhope ndikuyeza ndi miyendo ya anthu. Mzere ukamayenda bwino, anthu ngati 10 adutsa pa mphindi imodzi. Tsono anthu 300 amene ankayembekezeka anafuna mphindi 30, ndipo ndinaonjezapo 15 za anamfedwa, amene palibe munthu wa umunthu angawafulumize. Kuona nkhope kunakhala 11:15, chakudya 10:30, kuti amayi ophika amasuke nawonso adzamve mawu.

Kutsogolo kwa chikhomo ntchito ndi yopepuka: adzukulu kukwirira kufikira 3:10, kenaka nkhata. Zinalipo 25, ndipo kuitana mmodzimmodzi pa mphindi 2 kukanadya mphindi 50. Tinagwirizana zoitana ana onse pamodzi, adzukulu a malemu pamodzi, kuti pemphero lotsiriza likhale 3:45.

Ndisanasindikize, ndinawawerengera bamboyo pepala lonse mokweza kuchokera pamwamba, chala changa chikuchonga chinthu chilichonse pa pepala lawo lakale, kuti pasatayike kanthu. Tili pa mzere wa olankhula anandigwira dzanja, nati, "Taimani, achimwene, akuchimuna sitinawapatse mpata." Ndinawalemba pambuyo pa woimira banja, ndipo m'malo mokhudza ola la abusa ndinabweza zonse za m'mawa ndi mphindi 10: zolankhula 11:50, kuona nkhope 11:05, chakudya 10:20.