Ndalama Zikalowa pa Nambala Yolakwika

Ndalama zotumiza pa foni zimafika kwa munthu wolakwika mwachangu chomwecho chimene zimafikira kwa woyenera. Kuti zibwerere kapena ayi, zimadalira kwambiri chinthu chimodzi: kodi zikadali mu akaunti ya amene wazilandirayo, kapena wazitapa kale? Kampani ya foni ingathe kugwira ndalama zimene zikadalimo, koma zimene zatuluka kale kwa ejenti ilibe nazo mphamvu. N'chifukwa chake ola loyamba ndi lofunika kuposa masiku onse otsatira, ndipo ambiri timaliwononga poimbira munthu wosayenera.

Ife a dipatimenti ya zaumoyo pa mpingo wathu zinatigwera pokonzekera maphunziro a kaphikidwe ka zakudya zopanda nyama. Mabanja anasonkha K96,000 yogulira soya, mtedza ndi mawere kwa bambo wina wogulitsa mbewu kumsika wa kuboma. Bamboyo analemba nambala yake pakapepala n'kupatsa mnyamata wa kabaza, ndipo 7 wake ankaoneka ngati 1. Mayi msungichuma wathu anatumiza ndalamazo Lachisanu cha m'ma 2 koloko masana. Dzina limene linatuluka pa foni asanalembe nambala yawo yachinsinsi linali la mzimayi, koma iwo sanadabwe, poti amalonda ambiri amagwiritsa ntchito manambala a akazi awo. Patatha pafupifupi ola, wogulitsayo anaimba kufunsa ngati tasintha maganizo, chifukwa kwa iye sikunafike kanthu.

Mayiwo anabwera kwathu thukuta lili kamukamu, chala chili kale pa nambala ya mzimayi uja. Ndinawagwira dzanja.

"Mayi, musawaimbire kaye. Panopa mwina sanaone n'komwe uthengawo."

"Nanga ndingokhala, achimwene? Ndalama za anthu izi, ndipo dzuwa likupita."

Kuimbira wolandirayo poyamba kumaoneka kwaulemu, ndipo anthu ambiri ndi okhulupirika ndithu. Koma simukumudziwa. Ngati ali wamtima wina, foni yanu ndi imene imamuuza kuti athamangire kwa ejenti, kenaka n'kuzimitsa foni. Choncho woyamba kumuimbira ndi kampani imene mwatumizira ndalama, kaya ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa nambala yawo yothandiza makasitomala. Ngati simukuidziwa, ejenti aliyense wapafupi akuuzani. Imbani ndi foni yomwe yatumiza ndalamayo, ndipo alankhule mwini wake, chifukwa amafunsa mafunso otsimikizira kuti akauntiyo ndi yake.

Tisanaimbe tinatsegula uthenga wotsimikizira uja n'kukopera papepala zonse zili mmenemo: nambala ya malipiro, imene pa foni imalembedwa kuti Trans ID kapena mawu ofanana nawo, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, nambala yolandira ndi dzina lake. Pambali tinalemba nambala yeniyeni ya wogulitsa. Uthenga umenewu ndiwo umboni wanu wonse, musaufufute ngakhale foni itadzaza. Kukopera kumathandiza chifukwa pa foni yaing'ono n'kovuta kuwerenga uthenga uku mukulankhula. Ndipo ngati munatumiza kudzera mwa ejenti, uthengawo uli mu foni yake, ndiye bwererani kwa iye msanga, ndi iyeyo woyenera kudandaula.

Tinadikira pa mzere kwa mphindi zingapo. Mtsikana amene anatiyankha anafunsa zonse tinalembazo, kenaka anatiuza kuti ndalama zimene zatsala mu akauntiyo azigwira kuti zisatuluke, koma si zonse, chifukwa zina zagwiritsidwa kale ntchito. Anatinso sangangozichotsa n'kutibwezera pompo, ayenera kumva kaye mbali ya wolandirayo. Mayi msungichuma anakhumudwa nazo, koma ine ndikuona kuti n'zoyenera. Kukanakhala kuti mawu a wotumiza okha ndi okwanira, munthu akanamagula katundu, kulipira, n'kuimba kuti walakwitsa nambala katunduyo ali kale pamutu. Tisanadule foni tinapempha nambala ya dandaulo lathu n'kuilemba. Popanda nambala imeneyi, ukaimbanso umayamba nkhani yonse pachiyambi kwa munthu wina.

Apa m'pamene tinaimbira mzimayi uja. Mayi msungichuma anadzitchula dzina, ananena kuti ndalamazo ndi za mpingo, anatchula kuchuluka kwake ndi nthawi imene zinalowa, ndipo anawapempha kuti a kampani akawaimbira avomere. Sitinawaopseze ndi apolisi. Anali mayi wachikulire wa boma lina lakutali, ndipo anati ankaganiza kuti watumiza ndi mwana wawo wa ku Joni, moti anagulako mayunitsi a magetsi a K6,000. Sanafune kutumiza okha ndalamazo, anati aopa kuberedwa. Ndinawamvetsa kwambiri.

Pajatu pali akuba amene amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati walandira ndalama, kenaka amaimba akulira kuti alakwitsa nambala, ndalama za maliro, chonde bwezani. Ukabweza, watumiza zako. Kuzindikira kwake n'kosavuta: uthenga weniweni umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu wamba, ndipo ukafunsa ndalama zotsala mu akaunti yako umapeza zawonjezekadi. Ndiye wina akakuimbirani choncho, yang'anani kaye akaunti yanu. Ngati ndalamazo zilimodi, si zanu, musazikhudze, ndipo njira yabwino yozibwezera ndi kudzera ku kampani. Mukatumiza nokha pamene wotumizayo wadandaula kale, mukhoza kupezeka mwabweza kawiri. Nambala yanu yachinsinsi musaiuze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani kuti akuthandizeni kubweza.

Dzuwa likulowa tinaika mafoni pansi n'kutsegulira Sabata. Zinatheka kutero ndi mtima wokhazikika chifukwa zimene zinali zachangu tinali titachita. Akulu a mpingo tinawauza madzulo omwewo, kuti nkhani ya ndalama za anthu asadzaimve kwa ena.

Lolemba m'mawa mayi msungichuma anapita ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chawo cha unzika, foni, ndi pepala lija. Kumeneko anapeza kuti wolandirayo sanamupeze pa foni, ndiye tinawaimbiranso mayi aja kuti asazimitse foni. Lachitatu K90,000 inabwerera. Ndalama imene anatidula potumiza siinabwerere, ndipo potumizanso kwa wogulitsa tinadulidwa kachiwiri. K6,000 ija mayi aja anaitumiza okha mwezi utatha, titasiya kale kuiyembekezera.

Sizitha choncho nthawi zonse. Wolandira akatapa zonse kapena akakana, kampani imafika pothera, ndipo chotsala n'kukanena kupolisi ndi umboni womwe uja, kapena kukasuma kukhoti. Apa munthu ayenera kuwerengera ngati ndalama zoyendera sizipitirira zimene zatayika. Ngati vuto lili ndi kampaniyo, kuti dandaulo lanu silikuyankhidwa, mungalitengere ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pa foni. Kumeneko nambala ya dandaulo ija ndi imene imasonyeza kuti munayamba mwapita ku kampani.

Tsopano tikamalipira oda, sitilandiranso nambala ya papepala. Timauza wogulitsa atiimbire ndi nambala yomwe akufuna kulandirira, ndipo timamufunsa dzina limene lituluke. Likatuluka lina, timaima pomwepo. Ngati ndalamazo n'zambiri ndipo munthuyo ndi wachilendo kwa ife, timayamba tatumiza K500, ndipo zotsalazo zimapita iye akanena kuti yafika.