Ndimajambula Okalamba

Mawu oyamba amene ndidalemba podziwitsa anthu za ntchito yanga adali otere: "Katswiri wojambula zithunzi zamtundu uliwonse: maukwati, zinkhoswe, mpira, misonkhano, ana, nyama ndi zina zotero. Mitengo yabwino." Ndidawadinditsa pa timapepala, ndipo tina ndidamata m'magolosale a mu Zomba. Ndidadikira miyezi itatu. Adandiimbira foni anthu awiri okha, ndipo onsewo funso lawo lidali limodzi, lakuti mtengo ndingatsitse mpaka pati.

Sindiwadandaula anthu amenewa. Munthu akawerenga kuti umajambula chilichonse, alibe china chokusiyanitsira ndi mnzako koma mtengo basi. Ndidali pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, ndipo chagada ndidagwadi.

Chimene chidandisintha ndi maliro a azakhali anga. Pokonza pepala la mwambo wa maliro, tidafunafuna chithunzi chawo m'nyumba monse ndi m'mafoni a adzukulu. Mafoniwo adali odzaza ndi nkhope za eniake, koma azakhali ankangooneka chakumbuyo, kwina mkono wokha, kwina msana ali pamoto. Potsiriza tidajambula kachithunzi ka pa chitupa cha unzika chimene adalembetsa mu 2017. Titakakulitsa kadachita mbuu, maso ali tong'o ngati munthu wogwidwa ndi mlandu. Ine wojambula zithunzi ndidakhala pa siwa usiku wonse ndi manyazi, kamera ili m'chikwama.

Patapita masiku ndidang'amba timapepala tija n'kulemba mawu ena, amene ndikugwiritsabe ntchito:

"Ndimajambula anthu okalamba pakhomo pawo, m'midzi ya m'maboma a Zomba ndi Machinga. Ngati muli kutali ndipo mulibe chithunzi chabwino cha mayi, bambo kapena agogo anu, ndidzapita ndine. Ndidzacheza nawo kaye, ndipo ndidzawajambula pokhapokha iwo atavomera. Pasanathe masiku 14 adzalandira m'manja chithunzi chachikulu cha m'felemu ndi zing'onozing'ono zinayi, ndipo inu mudzalandira zomwezo pa foni. Ndikachedwa, theka lotsala la ndalama musalipire. Maukwati ndi misonkhano sindijambula."

Chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi mbiri yake. Choyamba ndidayenera kudziwa amene adzawerenge. Gogo wa kumudzi sawerenga zotsatsa malonda, ndiponso sangatulutse ndalama kuti ajambulidwe. Wowerenga ndi mwana wake amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni, amene amatumiza ya feteleza chaka ndi chaka koma mtima uli m'mwamba kuti tsiku lina foni idzalira usiku. N'chifukwa chake sindidatchule dzina la kamera yanga kapena kumene ndidaphunzira. Ndidayamba ndi vuto lake la iyeyo. Maboma awiriwo ndidawatchula chifukwa ndi kumene ndingathe kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Mawu akuti "ndidzacheza nawo kaye" si ulemu chabe, ndi mbali ya ntchitoyo. Munthu wamkulu ukamuloza ndi kamera utangofika, amauma thupi, manja m'mbali ngati msilikali. Ine ndimafika m'mawa, ndimalonjeredwa, ndimakhala pamphasa pafupifupi ola lathunthu kamera ili m'chikwama. Ndimafunsa za mvula, za mbewu, za amene adabzala mtengo wa mango uli pabwalowo. Akayamba kunditsutsa kapena kundiseka, ndimadziwa kuti nthawi yakwana. Amasankha okha chovala. Wina amafuna yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a kumpingo, wina jekete limene adabwera nalo kuchokera ku migodi.

Ndimawakhazika pakhonde, mumthunzi, nkhope italoza kubwalo kumene kukuchokera kuwala. Dzuwa la paliwombo limaponya mthunzi m'maso, munthu n'kuoneka ngati alibe maso, choncho ngati n'kofunika kujambula pabwalo ndimadikira kuti lipendeke. Khoma la laimu nalo ndi mdani. Kamera ikaona kuyera kwa khomalo imachepetsa kuwala kolowa, ndipo nkhope yakuda imasanduka mdima. Ndimayeza kuwala pa tsaya la munthuyo, osati pa khoma, kapena ndimawasunthira pa khoma la njerwa. Makwinya sindifufuta. Mwana wina adandipempha kuti ndiwasalaze mayi ake ngati mtsikana, ine ndidakana, chifukwa adzukulu adzafuna kuona agogo amene ankawadziwa.

Za masiku 14 ndidaziphunzira mowawa. Poyamba chiganizo chimenechi chinkangoti "zithunzi zidzafika msanga". Bambo wina wogwira ntchito ku Joni adandituma kwa abambo ake, mkulu wa zaka zoposa 80 amene ankaluka mitanga. Ndidawajambula Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale, nsungwi zili pamiyendo, akuseka nthabwala yawo yomwe. Pobwerera ndidapeza ganyu wa masiku atatu pa msonkhano wina, ndipo ndidati zithunzi zidikire. Kenaka magetsi adavuta kumene ndimatsukitsa zithunzi. Kenaka mvula idagwa, msewu wa kumudziko n'kukhala matope okhaokha. Ndidafika patatha masiku 23, felemu ili m'khwapa, ndipo ndili patali ndidaona masamba atayalidwa pamsewu. Mkulu uja adali atamwalira dzulo lake. Chithunzi chidagwira ntchito pamaliro, abale adandithokoza, koma mwiniwake amene adandifunsa kawiri kuti adzadziona liti sadachione.

Usiku umenewo ndidawerenga masiku amene ntchitoyi imatenga ikamayenda bwino. Kusankha ndi kukonza zithunzi ndi masiku awiri. Kutsukitsa chachikulu cha masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, pamodzi ndi zinayi za masentimita 10 ndi 15, ndi masiku ena awiri. Mmisiri wa mafelemu amafuna awiri, ndipo ulendo wokapereka ndi tsiku limodzi. Onse pamodzi ndi 7. Ndidawirikiza kawiri kuti magetsi ndi matope zipeze malo, ndipo ndidaikapo chilango cha theka la ndalama kuti ganyu wina asadzandikopenso. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, ndiye munthu uzilonjeza chimene wachiwerengera. Sindilonjeza kuti chithunzi chidzakhala chokongola koposa, pakuti zimenezo palibe angaziyeze. Masiku ndi chiwerengero cha zithunzi aliyense angathe kuwerenga pa zala, n'kundigwira bodza.

Chiganizo chotsiriza ndicho chimandidya ndalama. M'miyezi ya maukwati anzanga amapeza pa Loweruka limodzi zimene ine ndimapeza pa maulendo angapo, ndipo mayi a kunyumba adandifunsapo ngati mawu amenewo amadyedwa. Komabe ndikawachotsa, ndibwerera ku kapepala koyamba kaja. Wofuna wojambula ukwati ndimamupatsa nambala ya mnzanga, ndipo mnzangayo akamva za nkhalamba amatumiza kwa ine.

Ndisanadinditse mawu atsopanowa ndidawayesa. Ndidawawerengera mayi wina wogulitsa tomato pamsika, kamodzi kokha, ndipo nditabwerako madzulo ndidawafunsa chimene adatolapo. Adati, "Inu ndinu ojambula agogo aja, masabata awiri." Kapepala koyamba kaja ndidakawerengerapo mlamu wanga, ndipo iye adangoti ndimajambula. Mayi a tomatowo adaonjeza kuti amayi awo ali moyo, cha ku Domasi, ndipo adafunsa ngati Lachinayi ndili ndi mpata.