Tsiku limene ananditukwanira nyemba

Ndimagulitsa nyemba pamsika wa Lizulu, mbali ya kwathu ku Angonia. Pathumba ndinaika cikwangwani cakuti “Nyemba zatsopano, zosafumbwa.” Tsiku lina mayi wina, kasitomala wanga wakale, anaima pamenepo nafuula kuti ndine wakuba, ndinamugulitsa zofumbwa. Anthu anasiya kugula nʼkutiunjirira.

Mtima unandiwawa, cifukwa mayiyo anali ndi ngongole yanga ya mameticali 200. Mau aja anafika pamlomo, koma ndinawameza. Ndikanaulula ngongoleyo, aliyense wokongola kwa ine akanaopa kuti mawa ndidzamuyalutsanso.

Ndinayankha mokweza pangʼono kuti onse amve: “Pepani amayi, tiyeni tizione.” Anamasula kansalu. Zoonadi, nyemba zina zinali ndi timabowo tozungulira, pansi pali kaufa. Ndinapisa dzanja mʼthumba langa mpaka pansi, ndipo ndinapezamo zoterozo. Ndinali nditathira nyemba zatsopano mʼthumba lakale losakutumula, momwe munatsalira tizilombo.

Ndinavomera pamaso pa onse, nʼkuwafunsa ngati akufuna ndalama zao kapena nyemba za thumba lina. Anasankha nyemba. Cikwangwani cija ndinacicotsa iwo akuona, ndipo za thumbalo ndinazitsitsa mtengo. Tsikulo ndinaluza.

Amayiwo sanapepese. Koma bambo wina amene anangoima cete anagula ndowa yathunthu ya thumba linalo. Pamenepo ndinazindikira kuti yankho langa ankaliyeza ndi anthu ongoonerera aja.

Za ngongole tinakambirana sabata yotsatira, kuseri kwa matumba, tili awiri.