Thumba la chimanga ndi aneni anga

Teremu yatha, Abambo amene amatiphunzitsa Chingerezi adatipatsa chimangirizo chofotokoza tsiku limene sitidzaliiwala. Ine ndidalemba za tsiku limene amayi adandituma ku chigayo nthawi ya dzinja, thumba la chimanga n'kundigwera mu mtsinje. Ndidaikapo mtima wonse, ndipo popereka kope ndinkadziona ngati katswiri. Litabwerako, tsamba lonse linali psuu ndi inki yofiira. Mawu ndidalemba bwino, nkhaninso Abambo adati adaikonda, koma adazunguliza aneni 14, ndipo m'mbali mwa aliyense adalemba chilembo T. Mnzanga wokhala naye desiki imodzi adandinong'oneza kuti chilembocho chikutanthauza nthawi ya mneni.

Madzulo ndidapita ku ofesi kwawo ndili wokhumudwa. Iwo sadandikalipire. Adandiuza kuti ndiwerenge mokweza ndime yoyamba, imene inali yotere:

"My mother sent me to the maize mill. I carried the bag and put it on the bicycle and start the journey. When I reached the river I saw that the water is rising. A woman told me that the bridge is broken."

"Tsopano unene zomwezo m'Chichewa," adatero Abambo.

Ndidati: "Amayi adandituma ku chigayo. Ndidanyamula thumba n'kuliika pa njinga, n'kuyamba ulendo. Nditafika pa mtsinje ndidaona kuti madzi akukwera. Mayi wina adandiuza kuti mlatho wathyoka."

Adandifunsa ngati m'Chichewamo muli cholakwa. Mudalibe. Kenaka adati ndiwerenge aneni amene ali ndi -da- wosonyeza nthawi yakale, uja ena amati -na-. Ndidapeza anayi okha. Aneni enawo, monga n'kuliika, n'kuyamba, akukwera ndi wathyoka, alibe -da- ameneyu, komabe aliyense womva amadziwa kuti zonsezi zidachitika kale. Apa m'pamene maso anga adatseguka. Sikuti sindinkadziwa kuti mneni "start" amakhala "started" pa zakale. Ndidaloweza zimenezo ku pulayimale. Ndinkalemba mawu a Chingerezi motsata lamulo la Chichewa.

Ife tikamasimba nkhani timatchula nthawi pa mneni woyamba, ndipo otsatira timangowalumikiza ndi n'ku-. Mneni woyambayo ali ngati mutu wa sitima umene umakoka mabogi. Abambo adati si Chichewa chokha chimene chimatero. Chiswahili chili ndi -ka- wogwira ntchito yomweyo: munthu amati "alikwenda sokoni akanunua ndizi", kutanthauza kuti adapita ku msika n'kugula nthochi. Chingerezi chilibe njira imeneyi. Aneni amene alumikizidwa ndi "and" posimba zakale, aliyense amasenza yekha chizindikiro chake. Choncho chiganizo changa chimayenera kutha ndi "and started the journey". Ndikuganiza kuti mneni "put" ndiye adandipusitsa. Iyeyu sasintha maonekedwe pa nthawi yakale, monganso "cut" ndi "hit", ndipo dzanja litamulemba lidangotsetsereka n'kulemba womutsatirayo wopanda mchira.

Palinso china chimene chimathandizira vutoli. M'Chichewa chizindikiro cha nthawi chimakhala kutsogolo kwa tsinde la mneni, ndipo ndi phatikizo lathunthu lomveka bwino: ndi-da-yamba, ndi-ku-yamba, ndi-dza-yamba. M'Chingerezi kawirikawiri chimakhala ku mapeto, ndipo ndi kaliwu kakang'ono. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, motero khutu lathu silidazolowere kudikira kaphokoso kotsiriza ka mu "walked". Munthu akanena "walked to" mofulumira, kamchirako kamamezedwa. Chimene khutu silimva, dzanja limachiiwala mosavuta.

Koma zolakwa zanga zambiri, 9 mwa 14 zija, zinali za mtundu wachiwiri, ndipo umenewu ndi umene udandivuta kuumvetsa. Ndikati "ndidaona kuti madzi akukwera", mawu akuti akukwera sakunena za lero. Akunena za nthawi imene ndinkaonayo. M'Chichewa tikadutsa mawu akuti "kuti", timasamuka n'kukaima pa mtsinje pomwepo, ndipo nthawi timaiyeza kuchokera pamenepo. Mngerezi sasamuka. Amakhalabe pa desiki pamene akulembera, n'kumaloza zonse zili kutali. Kwa iye kuonako n'kwakale, kukwera kwa madzi nakonso n'kwakale: "I saw that the water was rising." Akawerenga "is rising" amamva ngati madziwo akukwera pakali pano, ine ndili m'kalasi.

Choncho mneni woyamba akakhala wa nthawi yakale, monga "saw", "said", "told", "knew" kapena "thought", mneni wa pambuyo pa "that" amabwerera m'mbuyo phazi limodzi. "Is" amasanduka "was", "has" amasanduka "had", "can" amasanduka "could". Wovuta kukumbukira ndi "will". Ndidalemba kuti "I knew that my mother will shout at me", chifukwa m'mutu mwanga munali mawu akuti ndidadziwa kuti amayi adzandikalipira. Koma kukalipirako kudachitika kale, ndipo makutu anga ndi mboni. Pamenepo pamafunika "would".

Ndisabise, nditamva zimenezi ndidapitirira muyeso. M'chimangirizo chotsatira mneni aliyense ndidamuveka zakale. Ndidalemba "I did not went" ndi "I wanted to bought", ndipo inki yofiira idabweranso. Lamuloli lili ndi malire ake. "Did" wasenza kale nthawi, ndiye womutsatira amakhala wopanda kanthu: "did not go". N'chimodzimodzinso pambuyo pa "to", "could" ndi "would". Mawu a munthu amene mwawaika m'zizindikiro za mtengero sasinthidwa, amakhala monga adawayankhulira mwiniwake. Ndipo chinthu chimene chidakali choona mpaka lero chikhoza kukhala m'nthawi ya tsopano. Palibe cholakwa kulemba "He told us that the Shire flows into the Zambezi", poti Shire akuthirabe mu Zambezi. Madzi a mu mtsinje wa kwathu aja adaphwa kalekale, n'chifukwa chake iwo ayenera "was".

Njira imene ndikutsata tsopano ndi iyi. Ndisanalembe ndimasankha nthawi ya nkhani yonse: ngati ndi yosimba zimene zidachitika, ndi yakale, ngati ndi yofotokoza maganizo anga pa mutu wina, ndi ya tsopano. Ndikamaliza ndimasunga mphindi 5 zowerengera aneni okha, ndikuwaloza ndi pensulo, kuyambira chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba. Ndimayambira kumapeto chifukwa ndikayambira pamwamba nkhani imandikoka, ndipo mutu umadziikira wokha timichira timene pa pepala palibe. Ndimaima makamaka pa malo awiri, pambuyo pa "and" ndi pambuyo pa "that". Ndimakayikiranso ndime yachitatu ndi yachinayi, pakuti ndaona m'makope a anzanga kuti tonse timayamba bwino, koma nkhani ikafika pokoma, galu akuthamangitsa munthu kapena bwato likumira, timalowamo tokha ndipo aneni amalumphira ku nthawi ya tsopano.

Sabata yatha kope lidabwerako lili ndi T awiri. Mmodzi anali pa "and run away", winayo pa "will" yemwe uja. Mnzanga wa pa desiki anali nawo 6, ndipo tagwirizana kuti Loweruka lililonse tikachapa zovala tizisinthana makope.