Malire a mkono wa loboti asakhale m'malangizo okha

Ndakhala ndikuganizira za mkono waung'ono wa loboti womvera pulogalamu yoyankhula ngati munthu. Kulemba m'malangizo kuti “usatsike kupitirira tebulo” sikukwanira ayi. Tsiku lina pulogalamuyo idzangotchula nambala yolakwika mosakayika n'komwe.

Malire akhale mkati mwa chida chimene ikuitanacho. Tinene kuti yaitana `move_to(x, y, z)` ndi `z = -20`, pomwe pamwamba pa tebulo ndi 0. Chidacho chikane, mota isanagwedezeke, n'kubweza chifukwa chake: malo ololedwa ndi mamilimita 10 mpaka 250. Osaikonzera nambalayo mwakachetechete, chifukwa idzaganiza kuti mkono wafika pomwe sunafike, kenako n'kutsegula zala chinthu chili m'malere.

Koma batani lozimitsira mwadzidzidzi lidule magetsi mwachindunji, lisadutsire mu pulogalamuyo. Mukamayesa, dzanja lanu likhale pa batanilo.